Apudeti yabwera: kodi ndiike lero kapena idikire?

Funso: Zikomo akatswiri. Ndimayang'anira seva imodzi ya Linux yomwe ili ndi databesi ya PostgreSQL ndi mapulogalamu angapo a Python. Sabata siyitha osabwera uthenga woti pali apudeti. Ndikatsegula mndandanda wa zosintha ndimapeza mizere yambirimbiri mpaka mutu kuzungulira, ndiye nthawi zina ndimangoika zonse mwamantha, nthawi zina ndimangozisiya. Ndiziwerenga bwanji kuti ndidziwe yoika lero ndi yoti ingadikire?

Yankho: Mutu ukuzungulira chifukwa mukuwerenga ngati kalata yolembera inu, pomwe mndandandawo unalembedwera anthu onse ogwiritsa ntchito pulogalamuyo. Mwa mizere makumi asanu, yokhudza seva yanu ingakhale itatu yokha. Ntchito yanu ndi kupeza itatuyo, ndipo simungaipeze musanadziwe bwino chimene muli nacho.

Choncho yambani ndi makina anu musanatsegule zolembazo. Dziwani veshoni yeniyeni imene ikuyenda, nambala zake zonse. Apa ambiri amapusitsidwa. Mukalemba `psql --version` mumauzidwa za kapulogalamu kolumikizira chabe, osati za seva yeniyeniyo, ndipo ziwirizi zikhoza kusiyana. Imene ikusunga deta yanu muifunse muli mkati mwake:

```
SELECT version();
\dx
```

Lamulo lachiwirilo likuonetsani zowonjezera zimene zinaikidwa mu databesi imene mwalumikizayo. Lembani zimenezi papepala kapena mu fayilo imodzi: veshoni, zowonjezera, veshoni ya Python, ndiponso ngati sevayo imafikika kuchokera pa intaneti kapena ndi anthu a mkati okha. Kapepala kameneka ndiye sefa yanu. Mzere uliwonse wa mu mndandanda muziupima ndi iko.

Kenako onani nambala ya veshoni yatsopanoyo, koma musaikhulupirire musanadziwe mwambo wa eni ake. Mapulogalamu ambiri amatsata dongosolo la nambala zitatu, monga 2.7.4. Yomaliza ikasintha, akuti angokonza zolakwika. Yapakati ikasintha, awonjezera zatsopano popanda kuphwanya zakale. Yoyamba ikasintha, china chimene chinkagwira ntchito chikhoza kusiya. Dongosololi limanenanso kuti nambala yoyamba ikakhala 0, chilichonse chingasinthe nthawi iliyonse, ndiye kuchoka pa 0.4 kupita pa 0.5 kuzitengedwa ngati kusintha kwakukulu.

Vuto ndi loti mapulogalamu anu awiriwo satsata mwambo umenewu. PostgreSQL, kuyambira pa veshoni 10, ili ndi nambala ziwiri zokha: 14.2 kupita pa 14.5 ndi kukonza zolakwika, pomwe 14 kupita pa 15 ndi kusamuka kwenikweni kofuna `pg_upgrade` kapena kutulutsa deta yonse n'kuilowetsanso. Python nayo imachotsa zinthu posintha nambala yapakati, moti 3.11 kupita pa 3.12 si kanthu kakang'ono ngakhale 3 woyambayo sanasunthe. Ubuntu 24.04 ikungotchula chaka ndi mwezi. Nambala ikuuzani kuchuluka kwa nthawi yoti mupatule powerenga, koma chigamulo chili m'zolembazo.

Cholakwa chachikulu kuposa zonse ndi kuwerenga zolemba za veshoni yomaliza yokha. Ngati muli pa 14.2 ndipo mukupita pa 14.5, mukulandira zosintha za 14.3, 14.4 ndi 14.5 zonse pamodzi, ndipo chenjezo lofunika likhoza kukhala linalembedwa pa yapakati. Werengani kuyambira yotsatira yanu kupita m'tsogolo. Pa veshoni iliyonse musayambire pamwamba pomwe pali zatsopano zokopa maso. Yambani ndi gawo lonena zoti muchite posamuka, lomwe limalembedwa `Migration`, `Upgrade notes` kapena `Breaking changes`. Mukatero pitani pa `Security`, kenako `Removed` ndi `Deprecated`. Gawo lalitali la `Fixed` musaliwerenge mzere ndi mzere, ingofufuzanimo mayina amene ali pa kapepala kanu. Gawo la `Added` lingadikire tsiku lina, popeza chinthu chatsopano chimene simukugwiritsa ntchito sichikukakamizani kuchita kanthu.

Tiyeni tiyende ulendo umenewu ndi zimene zinachitikadi mu 2022, popeza zikuonetsa mitundu yonse ya mizere imene mudzakumane nayo. Tinene kuti ndi mwezi wa Ogasiti chaka chimenecho, seva ili pa PostgreSQL 14.2, ndipo uthenga ukuti 14.5 yatuluka.

Mukatsegula zolemba za 14.5, gawo la `Migration to Version 14.5` likuyamba ndi mawu okhazika mtima pansi, oti amene ali kale pa 14 safunika kutulutsa ndi kulowetsanso deta. Ambiri amalekera pomwepo. Koma m'munsi mwake muli chiganizo china chowatumiza amene akuchokera ku veshoni yakale kuposa 14.4 kuti akaone zolemba za 14.4. Chiganizo chachifupichi ndiye chofunika kwambiri m'gawo lonselo, chifukwa ndi ulusi wokufikitsani ku chenjezo limene simunalione.

Tibwerere m'mbuyo tiyambire pa 14.3, yomwe inatuluka mu Meyi. Gawo lake la kusamuka likuti amene ali ndi ma indekisi a mtundu wa GiST pa zipilala za mtundu wa `ltree` awamangenso akamaliza kuika apudeti. Onani kapepala kanu. Ngati `\dx` sinaonetse `ltree` mu databesi iliyonse ya pa sevayo, mzerewu si wanu, dutsani. Mwautaya m'masekondi ochepa, ndipo ndi mmene mizere yambiri iyenera kuthera.

Mu 14.3 momwemo muli nkhani ya chitetezo ya nambala CVE-2022-1552. Mwachidule, munthu amene ali ndi chilolezo chopanga zinthu zokhalitsa mu databesi akanatha kutchera msampha woti, ntchito zoyeretsa databesi zimene zimayenda zokha kapena malamulo ngati `REINDEX` akamayendetsedwa, khodi yake iyende ndi mphamvu zonse za woyang'anira wamkulu wa PostgreSQL. Funso loti mudzifunse ndi lakuti: ndani ali ndi akaunti yolowera mu databesi yanga? Ngati pali anthu angapo amene simukufuna kuti akhale ndi mphamvu zonse, nkhaniyi ndi yanu ndithu, makamaka popeza pa veshoni 14 aliyense wolowa amaloledwa kupanga zinthu mu `public`, chigawo cha databesi momwe matebulo amalowa mukapanda kutchula china, ngati simunatseke nokha. Ngati imalowa ndi pulogalamu yanu imodzi yokha, chiopsezo chatsika, ngakhale sichinatheretu, chifukwa wakuba akapeza mpata m'pulogalamuyo angagwiritse ntchito vutoli kukwera pamwamba.

Tsopano 14.4. Musanawerenge n'komwe, tsiku lake likukuuzani kanthu. PostgreSQL imatulutsa zokonza zake kanayi pachaka, mu Febuluwale, Meyi, Ogasiti ndi Novembala, koma iyi inatuluka mu Juni, mwezi umodzi wokha itatuluka inzake. Anthu amene ali ndi kalendala yokhazikika akaiswa, dziwani kuti pali moto. Vuto linali lakuti pa 14.0 mpaka 14.3, indekisi yomangidwa ndi `CREATE INDEX CONCURRENTLY` kapena `REINDEX CONCURRENTLY` inkatha kuphonya mizere ina imene inkasinthidwa pa nthawi yomangayo. Palibe uthenga wa cholakwika umene unkatuluka. Deta ili momwemo m'tebulo, koma funso likadutsira mu indekisi yowonongekayo limabwera lopanda mzere umene ulipo. Kasitomala amene analembedwa bwinobwino amaoneka ngati kulibe.

Apa ndi pamene kuwerenga kumapindulitsa, chifukwa kuika apudeti pakokha sikuchiza. Veshoni yatsopano imaletsa kuti ma indekisi ena asawonongeke, koma amene anawonongeka kale amakhalabe choncho mpaka mutawamanganso. Munthu amene anadumpha kuchoka pa 14.2 kufika pa 14.5 osawerenga za pakati ali ndi pulogalamu yokonzedwa ndi indekisi yodwalabe, ndipo sakudziwa.

Kodi inuyo zikukukhudzani? Databesi sisunga chikumbutso choti indekisi inamangidwa mwanjira iti, choncho yankho mukalipeza m'mafayilo anu osinthira kamangidwe ka matebulo ndi m'ntchito zoyenda zokha usiku:

```
grep -ri concurrently .
```

Ngati mawuwa sakupezeka paliponse, ndipo palibe amene anamangapo indekisi pamanja mwanjira imeneyi, vutoli lakuphonyani. Ngati apezeka, kapena ngati pali kukayika, ikani apudeti kaye, kenako pimani ndi kumanganso:

```
pg_amcheck --install-missing --heapallindexed dzina_la_databesi
```

```
REINDEX INDEX CONCURRENTLY dzina_la_indekisi;
```

Ndondomeko yake isasinthidwe. Mukamanganso ndi `CONCURRENTLY` mudakali pa 14.2, mukudutsanso m'njira yomweyo yomwe ili ndi dzenje. Dziwaninso kuti mwa ma indekisi, `pg_amcheck` imapima a mtundu wa B-tree okha, ndiye a mitundu ina amene anamangidwa mwanjirayi ingowamanganinso osadikira umboni. Kupima kumeneku kumawerenga tebulo lonse, choncho pa databesi yaikulu kuchitike nthawi imene anthu sakugwiritsa ntchito kwambiri.

Onani zimene zatsala m'manja mwanu mutawerenga maveshoni atatu: mzere umodzi mwautaya, wina mwaupima ndi mmene anthu amalowera, wachitatu wakupatsani ntchito yoti muchite apudeti ikatha. Chigamulo chake n'chosavuta. Ikani sabata yomweyo, ndipo patulani nthawi yomanganso ma indekisi.

Nkhani za chitetezo zifunika kukhalapo pang'ono, popeza ndi zimene zimabweretsa mantha. Vuto lililonse lodziwika limapatsidwa nambala yoyamba ndi CVE, ndipo kawirikawiri limapatsidwanso malikisi a kuopsa kwake kuyambira 0 mpaka 10. Kuyambira 7.0 mpaka 8.9 ndi loopsa, 9.0 kupita m'mwamba ndi loopsa kotheratu. Malikisiwa amawerengedwa poganizira vutolo palokha, osadziwa mmene seva yanu ilili. Vuto la 9.8 m'gawo limene simunayatse lingakhale losadetsa nkhawa kuposa la 6.5 lomwe lili pakhomo lolowera anthu onse a pa intaneti. Powerenga, funani zinthu zitatu. Choyamba, maveshoni okhudzidwa, ngati yanu ili pakati pawo. Chachiwiri, chimene woukira ayenera kukhala nacho kale: `remote` ndi `unauthenticated` zikakhala pamodzi zikutanthauza kuti aliyense wofikira sevayo angayesere opanda akaunti, pomwe `local` kapena `authenticated` zikutanthauza kuti ayenera kukhala ali kale mkati. Chachitatu, ngati vutolo anthu ayamba kale kuligwiritsa ntchito, zomwe zimalembedwa `exploited in the wild` kapena `actively exploited`. Mukaona mawu amenewa pa chinthu chimene muli nacho, nkhani yodikira yatha, ikani lero.

Log4j, laibulale ya Java yolembera zochitika, inaonetsa zonsezi mu Disembala 2021. Vuto la CVE-2021-44228 linapatsidwa malikisi 10.0, linkatheka kuchokera kutali opanda akaunti, ndipo oukira anayamba kuligwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Komabe ngakhale pamenepo kuwerenga bwino kunasiyanitsa anthu: vuto linali mu `log4j-core`, ndipo amene anali ndi `log4j-api` yokha sanakhudzidwe. Phunziro lina ndi loti kukonza koyamba, 2.15.0, sikunatseke mpata wonse. Panatsatira 2.16.0, kenako 2.17.0, kenako 2.17.1, zonse m'mwezi womwewo. Mukaika apudeti yadzidzidzi, muzibwerera kukaona zolembazo masiku otsatira, chifukwa chokonzedwa mothamanga nthawi zambiri chimafuna kukonzedwanso.

Pali msampha wina wokhudza inu amene mumaika mapulogalamu kudzera mu Linux yanu. Debian, Ubuntu ndi Red Hat kawirikawiri sakweza pulogalamu kupita pa veshoni yatsopano ya eni ake. Amatenga kachigamba kokonza vuto n'kukasokera pa veshoni yakale, n'kungosintha kanambala ka kumapeto kwa dzina la phukusi. Motero mukhoza kuwerenga kuti vuto linakonzedwa pa veshoni yapamwamba kuposa yanu n'kuchita mantha, pomwe yanu inakonzedwa kalekale. Mndandanda woyenera kufunsa ndi wa phukusi lenilenilo:

```
apt changelog openssl | grep CVE
rpm -q --changelog openssl | grep CVE
```

Loyambalo ndi la Debian ndi Ubuntu, lachiwirilo la Red Hat ndi abale ake. Samalani kuti `apt changelog` ikhoza kuonetsa za phukusi limene likudikira kuikidwa, ndiye yerekezani nambala ya `Candidate` ndi ya `Installed` zimene `apt policy openssl` ikuonetsa.

Mawu awiri amene anthu amawasokoneza ndi `Deprecated` ndi `Removed`. Loyamba likutanthauza kuti chinthucho chikugwirabe ntchito koma eni ake alengeza kuti adzachichotsa. Lachiwiri likutanthauza kuti chapita. Python inalengeza za `distutils` pa 3.10 mu 2021, n'kuichotsa pa 3.12 mu Okutobala 2023, pamodzi ndi `imp`, `asyncore` ndi `asynchat`. Amene anawerenga chilengezo anali ndi zaka ziwiri zosamukira mosathamanga. Amene sanawerenge anakumana ndi `ModuleNotFoundError` tsiku lokweza. Chovuta n'chakuti mwina si khodi yanu imene ikugwiritsa ntchito chinthu chochotsedwacho, koma laibulale ina imene munaika zaka zapitazo. Choncho pofufuza dzinalo musafufuze m'mafayilo anu okha, lowaninso m'chikwatu cha `site-packages`. Njira ina yabwino ndi kuyendetsa mayeso anu mutalamula kuti machenjezo azitengedwa ngati zolakwika:

```
python -W error::DeprecationWarning -m unittest
```

Mzere wa `Deprecated` sukuletsani kuika apudeti lero. Umangofuna kuti muulembe pa ntchito za miyezi ikubwerayi.

Gawo limene limaluma mwakachetechete ndi `Changed`, makamaka pakalembedwa mawu oti `default`. Chinthu chochotsedwa chimadziulula chokha, pulogalamu imakana kuyamba ndipo mumadziwa pomwepo. Koma chosankha chokhazikika chikasinthidwa, zonse zimayamba bwinobwino n'kumachita zina. PostgreSQL 15 inachotsa chilolezo chija choti aliyense azipanga zinthu mu `public` pa madatabesi atsopano. Kwa chitetezo zinali zabwino, koma pulogalamu imene inkadalira chilolezocho inayamba kukanidwa popanga matebulo pa seva yatsopano, ngakhale khodi yake sinasinthe. Pa mzere uliwonse wotere dzifunseni ngati chosankhacho munachilemba nokha mu fayilo ya makonzedwe. Ngati munalemba, kawirikawiri chimakhalabe mmene munachisiyira. Ngati munkangodalira chimene chinabwera nacho, chasintha.

Nanga zolemba zikangoti `Bug fixes and performance improvements` basi? Ngati khodi ya pulogalamuyo ndi yotseguka, mbiri yake ikuuzani zimene zolembazo zabisa:

```
git log --oneline v2.7.3..v2.7.4
git diff --stat v2.7.3 v2.7.4
```

Mafayilo atatu osinthidwa ndi nkhani ina, mafayilo mazana awiri pa apudeti yotchedwa yaing'ono ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi iyesedwe ngati yaikulu. Ngati khodi ndi yotsekedwa, monga mapulogalamu ambiri a pa foni, funani tsamba lapadera la nkhani za chitetezo, popeza makampani ambiri amazilemba padera. Likasowa, langizo langa ndi loti msakatuli, dongosolo loyendetsa makina ndi chilichonse cholandira zinthu kuchokera kwa anthu osawadziwa muziika msanga ngakhale zolemba zisanene kanthu. Zinthu zimenezi ndi zimene oukira amayamba kugogoda.

Chotsala ndi nthawi. Vuto la chitetezo lomwe likukufikani ndipo anthu akuligwiritsa ntchito kale, ikani tsiku lomwelo. Vuto lowononga kapena kutaya deta, lomwe mudzalizindikira ndi mawu ngati `corruption`, `data loss` kapena `wrong results`, lisagone kupitirira masiku ochepa ngati likukhudza gawo limene mumagwiritsa ntchito. Zokonza wamba zisonkhanitseni muziika pa tsiku limodzi lokhazikika pamwezi. Musazisiye kwa chaka, chifukwa mtunda ukatalika zolemba zoti muwerenge zimachuluka, ndipo chinthu chikaphwanyika simudziwa kuti chaphwanya ndi kusintha kuti. Veshoni yaikulu yatsopano, yothera ndi .0, palibe chokuthamangitsani ngati yanu ikulandirabe zokonza. PostgreSQL imasamalira veshoni yaikulu iliyonse kwa zaka 5, ndiye tsiku lotha chisamalirocho lilembedwe pa kapepala kanu kuti musamuke lisanafike.

Musanaike chilichonse, funani m'zolembamo yankho la funso limodzi lomaliza: zikavuta, kodi ndingabwerere? Apudeti yaing'ono ya PostgreSQL imangosintha pulogalamu n'kusiya mafayilo a deta mmene alili, choncho ntchito yake ndi kuimitsa seva, kuika, n'kuyatsanso. Yaikulu imasintha kasungidwe ka deta, ndipo seva yakale singawerenge mafayilo a yatsopano. Ngati mwagwiritsa ntchito `pg_upgrade --link`, mukangoyatsa seva yatsopano, yakale siyeneranso kuyatsidwa, popeza ziwirizo zimagawana mafayilo omwewo. Pamenepo njira yobwerera ndi bakapu yokha, ndipo ikhale bakapu imene mwaiyesa poibwezeretsa pa makina ena n'kuona kuti matebulo ali ndi mizere yokwanira. Mukaona mawu oti `irreversible`, `one-way` kapena `cannot downgrade` m'zolemba za pulogalamu iliyonse, bakapu yoyesedwayo ichitike kaye, ndipo apudeti iyambire pa makina oyesera omwe ali ndi kope la deta yeniyeni.